Kukula kwa Mwana Sikuyezedwa ndi Zithunzi

Makolo ambiri masiku ano amasunga zithunzi za ana awo mufoni, kuyambira tsiku lotuluka chikuta mpaka tsiku loyamba kuvala yunifolomu. Ena amatumiza zithunzizi kwa bambo amene ali ku Joni kapena kwa agogo kumudzi, ndipo yankho limabwera lakuti mwana akukula bwino, masaya adzadza. Kuti mwana wasintha, chithunzi chimaonetsadi. Koma funso limene azachipatala amafunsa ndi lina: kodi pa miyezi imene yapitayi mwana wawonjezera makilogalamu ndi masentimita oyenera msinkhu wake? Funso limeneli chithunzi sichingaliyankhe, ndipo nthawi zina chimapereka yankho labodza.

Vuto loyamba lili m'kamera mwenimweni. Kukula kwa munthu pachithunzi kumadalira mtunda umene waimapo. Mwana amene waima mamita awiri kuchokera kwa wojambula amaoneka wamkulu kawiri kuyerekeza ndi momwe angaonekere ataima mamita anayi. Pachithunzi cha banja, kungosendera kutsogolo phazi limodzi kumakwanira kuti mng'ono aoneke ngati watsala pang'ono kufanana ndi mkulu wake. Wojambula akaimirira n'kuloza foni pansi, mutu wa mwana umakula ndipo miyendo imafupika. Akagwada, mwana yemweyo amatalika. Zovala nazo zimabisa zambiri, chifukwa juzi ya mwezi wa Juni imaphimba nthiti ndi mikono. Ndiponso palibe kholo limene limasunga chithunzi cha tsiku limene mwana anali wofooka ndi malungo. Zosungidwa ndi za pa Khirisimasi ndi za paukwati, mwana atasamba ndi kudzola.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kwambiri, chifukwa limakhudza matenda enieniwo. Kupinimbira, komwe ndi kufupika mopitirira poyerekeza ndi zaka za mwana, sikuoneka ndi maso. Thupi lonse limachepa mofanana, choncho mwana wa zaka zinayi wopinimbira amangooneka ngati mwana wathanzi wa zaka zitatu. Kumuyerekeza ndi anzake a pamudzi sikuthandiza kwenikweni. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Pamene ana ofupika ali ochuluka chotere, diso limazolowera, ndipo kufupikako kumatengedwa ngati kwa kumtundu.

Palinso kunyentchera kotupikana, kumene azachipatala amati kwashiyoko. Madzi amadzadza m'mapazi, m'miyendo, kenaka m'manja ndi kumaso, ndipo pachithunzi nkhope yotupa ingaoneke ngati ya mwana wonenepa. Kusikelo amakanikiza pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje pa mapazi onse, mwanayo amawerengedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri ndipo amafunika thandizo tsiku lomwelo, ngakhale sikelo itaonetsa kulemera kooneka ngati kwabwino, pakuti madziwo nawo amalemera.

Miyezo ya kusikelo ya ana imaposa chithunzi chifukwa imachitika mofanana nthawi zonse ndipo imakhala ndi poyerekezera. Mwana amavulidwa zovala zolemera ndi nsapato, sikelo imabwezeredwa pa ziro, ndipo kulemera kumalembedwa m'buku la kuchipatala pa mwezi weniweni wa msinkhu wake. Utali wa mwana wosakwana zaka ziwiri umayezedwa atagona pa thabwa loyezera, mutu utagunda kumapeto ndi mawondo atawongoledwa. Akakwanitsa zaka ziwiri amayezedwa choimirira. Njira ziwirizi zimasiyana ndi pafupifupi masentimita 0.7, ndipo oyeza odziwa ntchito amakumbukira zimenezi. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 palinso kalamba ka mitundu itatu kamene amazunguliza pakati pa phewa ndi chigongono. Mkono wochepera masentimita 11.5 umagwera pofiira, kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5 ndi pachikasu, ndipo kuposa apo ndi pobiriwira. Sentimita imodzi yokha imalekanitsa pofiira ndi pobiriwira, ndipo palibe diso limene lingaione pachithunzi.

Poyerekezera pake ndi matchati a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amene anatuluka mu 2006. Anapangidwa poyeza ana pafupifupi 8,500 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ana oyamwitsidwa komanso okulira m'makomo osasowa chakudya ndi chisamaliro. Chimene chinapezeka n'chofunika kwa aliyense amene amati ana a kuno ndi aafupi mwachibadwa: ana aang'ono a mayiko onse asanu ndi limodziwa anakula mofanana kwambiri. Zoonadi mabanja amasiyana msinkhu, n'chifukwa chake tchati limakhala ndi mpata waukulu pakati pa mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Koma kufupika kogwera pansi pa mzere wochenjeza si nkhani yongoiponyera kwa makolo akale.

Phindu la kulemba mwezi ndi mwezi limaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza cha mwana wamwamuna amene pa miyezi 6 akulemera makilogalamu 7.9. Kumeneku ndi kulemera kwa pakatikati pa tchati la anyamata. Kenaka akuyamba phala lamadzimadzi la ufa woyera lopanda nsinjiro, ndipo akutsekula m'mimba kangapo. Pa miyezi 9 akulemera 8.0, pamene anzake a pakatikati afika 8.9. Atakwanitsa chaka akulemera 8.1, pamene pakatikati ndi 9.6. Pachithunzi cha tsiku lokumbukira kubadwa kwake akuoneka kuti wakula: tsitsi lachuluka, mano atuluka, akuimirira atagwira mpando. Ngakhale muyezo wa tsiku limenelo pawokha sungaopse, chifukwa mzere wochenjeza wa anyamata a chaka chimodzi uli pa makilogalamu 7.7 ndipo iye akadali pamwamba pake. Chimene chikuulula vuto ndi madontho atatu aja akalumikizidwa. Mzere wa mwanayu wagona m'malo mokwera: pa miyezi isanu ndi umodzi wawonjezera magalamu 200 okha pamene amayembekezeka kuwonjezera pafupifupi 1,700. Mlangizi wa zaumoyo akadaona zimenezi pa mwezi wachisanu ndi chinayi, akadafunsa za kadyedwe, za kutsekula m'mimba ndi za chifuwa, akadalangiza phala lolimba la mgaiwa lothira nsinjiro, soya kapena usipa wosinja, komanso kupitiriza kuyamwitsa. Kudikira mpaka kuwonda kuonekere pachithunzi ndiko kudikira mpaka mwana afike pofuna chiponde cha kuchipatala.

Sikelo nayo imalakwa. Mwana akayezedwa atavala jekete mwezi uno ndi wosavala mwezi wamawa, kapena pa masikelo awiri osiyana, mzere umadumpha popanda chifukwa. Tsiku lobadwa likalembedwa molakwika, dontho limagwera pa mwezi wolakwika. Kusiyana kwake n'kwakuti cholakwa chotere chimagwidwa: dontho limodzi lochoka pamzere limachititsa woyeza kubwereza muyezo pomwepo. Chimene chimaononga kwambiri ndi kusiya kupita kusikelo katemera akatha, pamene ana amayenera kuyezedwa mpaka zaka zisanu ndipo kupinimbira kochuluka kumachitika mwana asanakwanitse zaka ziwiri.

Zithunzi zili ndi ntchito yake yochepa. Chithunzi chokhala ndi deti chingakumbutse mayi mwezi umene mwana anayamba kukhala kapena kuyenda, ndipo chingaonetse dokotala nthawi imene chotupa, zidzolo kapena kufiira kwa tsitsi kunayamba. Kwa wachibale amene ali kutali ndipo akufuna kudziwa ngati mwana akukula, chithunzi choyenera kupempha ndi cha tsamba la tchati m'buku la kuchipatala, pooneka madeti ndi manambala onse.