Droni ikasiya kumva rimoti ili m'mwamba, ichita chiyani?

Droni yatalikira, yazemba kuseri kwa mitengo, ndipo rimoti yomwe ili m'manja mwanu yasiya kumveka kwa iyo. Pa nthawi imeneyo zala zanu zilibenso ntchito. Chimene droniyo ichite chinasankhidwa kale pa tebulo, isananyamuke n'kamodzi komwe, pamene munkauza kabokosi kake koyendetsera zoyenera kuchita zinthu zikavuta.

Kuchokera pamene malo oyeserera madroni anatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, ndi sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020, kulumikiza droni ndi manja si nkhani yakunjanso. Tiyeni titenge droni ya mamota anayi, yokhala ndi kabokosi ka Pixhawk komwe muli pulogalamu ya ArduPilot, ndipo tikuikonza pa laputopu pogwiritsa ntchito Mission Planner. Mapulopela achotsedwe kaye, ndipo asabwererepo mpaka zonse zitatha. Mota ukalira mwadzidzidzi pa tebulo pulopela ilipo, chala chimachekeka mpaka pa fupa.

Droni siona. Imadziwa kuti yapendekeka kudzera mwa sensa yoyeza kukoka kwa dziko, ndipo sensayi imayenera kuphunzitsidwa pa Accel Calibration. Pulogalamu imakuuzani kuti muiike droni m'makhalidwe asanu ndi limodzi: chokhala bwino, chogonera kumanzere, chogonera kumanja, mphuno pansi, mphuno m'mwamba, kenako chagada. Paliponse ikhale duu musanadine batani. Khalidwe loyambalo ndi lofunika kuposa ena, chifukwa ndilo droni idzalitcha kuwongoka. Tebulo likakhala lopendekeka, droni idzangotsetserekera mbali imodzi ikanyamuka, inu musanakhudze kalikonse.

Kampasi ndiyo imafuna chidwi chachikulu. GPS imauza droni pamene ili, koma kampasi ndiyo imaiuza kumene mphuno yake yaloza. Imachita izi pomva maginito a dziko lapansi, omwe ndi ofooka kwambiri moti chitsulo chilichonse chapafupi chimawasokoneza. Choncho Compass Calibration si ya m'nyumba ya malata, kapena pa simenti yokhala ndi zitsulo m'kati, kapena pambali pa galimoto. Tulukani pabwalo, siyani foni ndi makiyi patali, nyamulani droni ndi kuizunguliza pang'onopang'ono kuti mbali iliyonse iyang'ane pansi kwa kanthawi, mpaka mzere wa pa sikirini utadzaza. Mukaizimitsa ndi kuiyatsanso, ilozetseni kumpoto komwe mukukudziwa, muone ngati mapu a pa laputopu akuvomereza.

Kampasi yonama siivuta kuizindikira m'mwamba. Mukauza droni kuti iime pamalo amodzi, imayamba kuzungulira, ndipo mkombero wake umanka nukula. Chifukwa chake n'chakuti mphepo ikaikankhira kum'mawa, iyo imafuna kubwerera kumadzulo, koma popeza mbali yasokonekera imapita chammbali, n'kuyesanso kukonza, n'kulakwitsanso. Tsono kubwerera kwawo komwe timakudalira rimoti ikatayika kumatsamira pa kampasi yomweyi. Droni ya kampasi yonama ikauzidwa kuti ibwerere, ikhoza kuthamangira kwina ndi mphamvu zake zonse. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona anthu akuzimitsa `ARMING_CHECK` pofuna kuthawa uthenga woyamba ndi `PreArm` womwe ukuletsa mamota kulira. Uthengawo ukunena vuto lenileni, ndipo kuufafaniza sikulichotsa.

Tsopano rimoti. Pa Radio Calibration mumayendetsa timitengo tonse mpaka kumapeto, ndipo pulogalamu imasunga manambala ake. Tinene kuti kamtengo ka mphamvu ya mamota kakakhala pansi kakupereka 1100, ndipo mukazimitsa rimoti, kachipangizo kolandira mauthenga pa droni kakutumiza 950. Malire a `FS_THR_VALUE` ayenera kugwera pakati pa manambala awiriwa, motalikirana ndi iliyonse ndi 10 kapena kuposerapo. Nambala yomwe imabwera kale, 975, ikukwanira pano. Vuto limabwera ndi marimoti omwe kamtengo kakakhala pansi amapereka 980 kapena kucheperapo: pamenepo malire ayenera kutsitsidwa, apo ayi droni ikhoza kuganiza kuti rimoti yatayika inu mutangotsitsa mphamvu.

Choopsa kwambiri ndi kachipangizo kolandira komwe kanakonzedwa kuti rimoti ikatayika kazibwerezabe lamulo lomaliza. Kabokosi koyendetsera sikadziwa kuti mwini wake wasowa, ndipo droni imangopitirira mpaka batire itatha. Kachipangizoko kauzeni kuti kazikhala chete, kapena kazitumiza nambala yotsika ija. Ndiye yesani, musangokhulupirira: mapulopela atachotsedwa, lizani mamota, kwezani mphamvu kufika pakati, zimitsani rimoti. Pakadutsa pafupifupi sekondi imodzi, pa sikirini payenera kuoneka `RTL`, kutanthauza kuti droni ikubwerera pomwe mamota analizidwira, kapena `LAND` ngati GPS sinagwire, kutanthauza kutera pomwe ili. Pakapanda kusintha kanthu, droni imeneyo isauluke.

Batire nayo ili ndi msampha wake. Batire ya maselo anayi ikadzaza imakhala ndi mavolti 16.8, ndipo ambiri amafuna kuti droni iyambe kubwerera selo iliyonse ikatsika kufika pa 3.5, ndiye kuti 14.0 yonse pamodzi. Koma nambala yomwe imabwera kale mu pulogalamu ndi 10.5, yoyenera batire ya maselo atatu. Pa maselo anayi imeneyo ndi mavolti 2.6 pa selo, ndipo droni ikhala itagwa kale chenjezo lisanalire. Komanso pulogalamu imabwera itauzidwa kungochenjeza, osachitapo kanthu. Manambala oyambira angakhale awa:

```
FS_THR_ENABLE   1
FS_THR_VALUE    975
BATT_LOW_VOLT   14.0
BATT_FS_LOW_ACT 2
BATT_CRT_VOLT   13.2
BATT_FS_CRT_ACT 1
```

Apa tauza droni kuti rimoti ikatayika ibwerere, batire ikakhala pansi pa 14.0 kwa masekondi 10 ibwerere, ndipo ikakhala pansi pa 13.2 kwa masekondi 10 itere pomwepo.

Manambalawa ali ndi phindu pokhapokha droni ikuwerenga batire molondola. Yezani batire ndi mita ya magetsi, muyerekeze ndi zomwe sikirini ikuonetsa. Ngati sikirini ikuti 16.4 pamene mita ikuti 15.9, ndiye kuti droni ikadzaona 14.0, batire idzakhala itatsika kale kufika pa 13.6, ndipo mphamvu yobwerera yachepa musanadziwe. Lembani 15.9 pa tsamba la Battery Monitor, pulogalamu ikonza yokha `BATT_VOLT_MULT`, kuchoka pa 10.1 kufika pafupifupi 9.8.

Chatsala ndi msinkhu wobwerera. Droni ikayamba kubwerera ili m'munsi, imakwera kaye kufika pa `RTL_ALT`, kenako imadza molunjika osaona zomwe zili panjira. Nambala yomwe imabwera kale ndi 1500, m'masentimita, ndiye kuti mamita 15. Bulugama wamkulu amapitirira pamenepo, nsanja ya mafoni nayonso. Yendani pamalo pomwe muulutsire, yang'anani chinthu chachitali kuposa zonse, ndipo muonjezerepo mamita 10. Dikirani GPS igwire musanalize mamota, chifukwa pamenepo ndi pomwe droni imasunga kwawo. Pa ulendo woyamba, droni ikadali pafupi ndipo rimoti ili yoyaka, sankhani `RTL` nokha pa switchi, chala chili chokonzeka kubwezera ku `STABILIZE` ngati yalowera kolakwika.