Likulu, kukula ndi chiwerengero cha anthu: mmene ungazipezere za dziko lililonse

Tinene kuti aphunzitsi akupatsa ntchito yoti mawa ubwere ndi likulu la Tanzania, kukula kwa dzikolo ndiponso chiwerengero cha anthu ake. Mayankho atatu onsewa amapezeka pa tsamba limodzi, kaya mu atilasi ya kusukulu kapena pa foni ya achimwene ako. Chovuta n'chakuti atatuwa sakalamba mofanana. Kukula kwa dziko kumatha zaka zambirimbiri osasintha, likulu limasamuka mwa apo ndi apo, pomwe chiwerengero cha anthu chimasintha tsiku ndi tsiku. Choncho usanakopere kalikonse, yamba waona chaka chomwe bukulo linasindikizidwa. Chimalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa tsamba loyamba.

Likulu ndiye losavuta. Pita kumapeto kwa atilasi komwe maina amawandandalika motsata alifabeti, upeze Tanzania ndi nambala ya tsamba lake. Ukatsegula mapuwo, usathamangire mzinda womwe dzina lake unalimva kale. Yang'ana kaye kabokosi kofotokoza zizindikiro, chifukwa atilasi iliyonse ili ndi njira yake yosonyezera likulu: ena amaika nyenyezi, ena kadontho ka ngodya zinayi, ena amadula mzere kunsi kwa dzina. Ophunzira ambiri amalemba Dar es Salaam poti ndiwo mzinda waukulu, komanso ndi doko lomwe amalonda athu amakatengako katundu. Koma likulu ndi Dodoma, pakati pa dzikolo. Boma linasankha Dodoma mu 1973, ngakhale kusamuka kwenikweni kunatenga zaka zambiri, n'chifukwa chake mabuku ena akale amatchulabe Dar es Salaam.

Msampha umenewu uli m'maiko ambiri. Kwathu kuno likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo Nigeria inasamutsa lake kuchoka ku Lagos kupita ku Abuja mu 1991. South Africa ili ndi malikulu atatu: Pretoria, Cape Town ndi Bloemfontein, ndiye ukafunsidwa za dzikoli, lemba onse. Uonetsetsenso dzina la dziko lenilenilo. Maiko a Congo alipo awiri, lina likulu lake Kinshasa, lina Brazzaville, ndipo Niger si Nigeria.

Kukula kwa dziko amakuyeza m'masikweya kilomita, omwe amalembedwa km². Sikweya kilomita imodzi ndi malo otalika kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi. Nambalayi uipeza pa tebulo la maiko lomwe atilasi zambiri zimaika koyambirira kapena kumapeto. Ngati uli ndi intaneti, lemba dzina la dziko pa Wikipedia, ndipo uona kabokosi ka mfundo zachidule komwe kuli mizere ya Capital, Area ndi Population.

Apa pali zinthu ziwiri zoti usamale nazo. Choyamba ndi muyeso. Pambali pa nambala ya km² nthawi zambiri pamakhala ina yolembedwa sq mi, yomwe ndi ya masikweya mailosi. Malawi ndi wamkulu 118,484 km², koma m'mamailosi ndi 45,747. Wokopera mothamanga amatenga yachiwiriyi n'kuipachika km², dziko n'kulichepetsa kuposa theka. Ukapeza ya mamailosi yokha, ichulukitse ndi 2.59, ndipo ufika pafupi kwambiri ndi ya makilomita.

Chachiwiri ndi madzi. Mu 118,484 km² muja muli nyanja ya Malawi, Chilwa, Malombe ndi zina. Ukachotsa madziwo, mtunda wokha umatsala pafupifupi 94,000 km². Nambala ziwirizi n'zoona zonse, kungoti zikuyankha mafunso osiyana. Pa sikirini, ya dziko lonse imalembedwa Total, ndipo ya mtunda, pomwe aipereka, imalembedwa Land. Aphunzitsi akangoti kukula kwa dziko osaonjezera mawu, lemba ya dziko lonse. Za Tanzania upeza buku lina likuti 945,087 km², lina 947,303 km². Usataye nthawi kufufuza lomwe likunama: kusiyanako n'kochepa, ndipo sankha imodzi n'kutchula komwe waitenga. Koma nambala zikasiyana kwambiri, kaikira chaka. Atilasi yotuluka isanafike 2011 ikuuza kuti dziko lalikulu koposa mu Afirika ndi Sudan. Chaka chimenecho South Sudan inadzipatula, ndipo tsopano lalikulu ndi Algeria.

Pa chiwerengero cha anthu m'pomwe ana ambiri amataya malikisi, komanso m'pomwe mikangano ya m'kalasi imabuka, wina akuti foni yanga yati chakuti, wina akuti buku langa lati chakuti. Nambala za anthu zilipo za mitundu iwiri. Ina imachokera ku kalembera, pamene boma limatumiza anthu khomo ndi khomo atanyamula mafunso, ndipo maiko ambiri amachita zimenezi kamodzi pa zaka khumi. Ina ndi yoyerekeza: akatswiri amatenga zotsatira za kalembera wapitayo, n'kuonjezerapo obadwa ndi olowa m'dziko, n'kuchotsapo omwalira ndi otuluka. Pa sikirini, ya kalembera imalembedwa census, yoyerekeza estimate, ndipo pambali pake pamakhala chaka.

Tanzania inawerenga anthu ake mu 2012 n'kupeza pafupifupi 44.9 miliyoni. Itawerenganso mu 2022 inapeza 61,741,120. M'zaka khumi zokha anaonjezekera anthu pafupifupi 17 miliyoni, omwe ndi pafupifupi Amalawi onse amene anawerengedwa mu 2018, pomwe National Statistical Office ya ku Zomba inapeza anthu 17,563,749. Ndiye mnzako amene walemba 45 miliyoni sananame, wangotenga m'buku lakale. Amene walemba nambala yoposa 61.7 miliyoni mwina watenga yoyerekeza ya chaka chapafupi, monga zomwe amatulutsa a United Nations kapena World Bank. Ine ndimakonda ya kalembera ngati ndi yaposachedwa, chifukwa anthuwo anawerengedwadi. Koma masamba aja oonetsa nambala ikuthamanga ngati mita ya magetsi asakunamize: palibe amene akuwerenga makanda akubadwa, ndi masamu oyerekeza chabe.

Powerenga nambala zazitali, werenga m'magulu a manambala atatuatatu kuchokera kumanja. Mu 61,741,120 muli magulu atatu, ndiye ndi mamiliyoni. Samalanso ndi matebulo olemba pamwamba kuti nambala zili m'masauzande: pamenepo 61,741 akutanthauza 61.7 miliyoni, osati anthu ongodzaza bwalo la mpira.

Ukakhala ndi kukula ndi chiwerengero, ungathe kudziyesa wekha. Gawa chiwerengero cha anthu ndi kukula kwa mtunda, upeze anthu okhala pa sikweya kilomita imodzi. Kwa Malawi wa 2018 zikubwera pafupifupi 186, ndipo ndiyo nambala yomwe lipoti la kalembera linapereka. Ukagawa ndi 118,484 upeza 148, chifukwa waika anthu ena panyanja. Yankho likabwera 384, dziwa kuti wagwiritsa ntchito mamailosi aja.

M'kope mwako, ntchito ya Tanzania ija ilembe motere: likulu ndi Dodoma, kukula ndi 947,303 km², kuphatikizapo madzi, anthu ndi 61,741,120 malinga ndi kalembera wa 2022. Kunsi kwake lemba dzina la atilasi kapena tsamba lomwe watengako, ndi chaka chake, kuti aphunzitsi akakhala ndi nambala yosiyana athe kuona msanga pomwe mwasiyanirana.