Zala zisanu ndi chimodzi, nkhope zosungunuka: kukonza zithunzi za makina posintha mawu

Mukachiona mothamanga, chithunzicho n'chokongola: mayi ali pamsika, dengu la tomato m'manja, dzuwa likuwala bwino. Koma mukachiyang'anitsitsa mupeza kuti dzanja lamanja lili ndi zala zisanu ndi chimodzi, chogwirira cha dengu chalowa m'chikhatho ngati chinamera momwemo, ndipo munthu amene waima kumbuyo ali ndi diso limodzi pamwamba, lina pa tsaya. Aliyense amene anayesapo kupanga chithunzi polemba mawu m'mapulogalamu monga Stable Diffusion, Midjourney kapena DALL-E zimenezi amazidziwa. Ambiri zikatere amangodinanso batani mobwerezabwereza, kudikira mwayi. Chonsecho zolakwikazi zili ndi zifukwa zake, ndipo zambiri zimachepa mukasintha zimene mwapempha.

Choyamba kudziwa n'chakuti makinawa sadziwa kuti dzanja lili ndi mafupa, ndiponso sawerenga zala. Anaphunzitsidwa poona zithunzi mamiliyoni ambirimbiri, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Akamajambula, amayamba ndi chithunzi cha madontho okhaokha, chonga wailesi yakanema yosagwira siteshoni, n'kumachiyeretsa pang'onopang'ono mpaka chifanane ndi zimene mawu anu akunena. Nkhope m'zithunzi zambiri imaoneka mofanana: maso awiri pamwamba, mphuno pakati, pakamwa pansi. Dzanja ndiye ayi. Pena lafumbata, pena latambasuka, pena zala zitatu zabisika kuseri kwa kapu. Komanso olemba mawu ofotokoza zithunzi kawirikawiri sanena kuti zala zikuoneka zingati. Choncho chimene makina anagwira n'chakuti pambali pa chala pamabwera chala china, koma poimira sanapagwire bwino. Zinthu zasintha ndithu: Midjourney V5, imene inatuluka mu Malichi 2023, inayamba kujambula manja bwino kuposa akale ake. Komabe manja awiri ogwirana, kapena dzanja logwira chinthu chaching'ono, amavutabe.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi. Mukufuna chithunzi choika pa chikalata chotsatsa malonda a ndiwo zamasamba, ndipo mukugwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5. Popeza mapulogalamuwa anaphunzitsidwa makamaka ndi mawu a Chingelezi, malangizo amagwira bwino akalembedwa m'Chingelezi, ndiye mwalemba chonchi:

```
two women at a crowded market, full body, red dress and blue headscarf,
handing over tomatoes and money, perfect hands, five fingers
```

Apa mwapempha amayi awiri pamsika wodzaza anthu, oonekera thupi lonse, diresi lofiira ndi duku labuluu, akupatsana tomato ndi ndalama, manja abwino a zala zisanu. Chimatuluka nthawi zambiri n'chotere: manja anayi aphatikana pakati n'kukhala chibulumwa, onse awiri avala zofiira kapena duku lasanduka lofiira, ndipo nkhope zawo zikuoneka ngati zasungunuka. Vuto lililonse pamenepa lachokera m'mawu amene mwalemba.

Tiyambe ndi nkhope, chifukwa chifukwa chake n'cha masamu osavuta. Stable Diffusion 1.5 inaphunzitsidwa pa zithunzi za mapikiselo 512 m'litali ndi 512 m'lifupi. Koma pojambula siigwira pikiselo iliyonse payokha. Imachepetsa chithunzicho kasanu ndi katatu mbali zonse, n'kumagwira ntchito pa timabokosi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Munthu akaonekera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mutu wake umatenga mapikiselo pafupifupi 60, amene ndi timabokosi 7 kapena 8 basi. Maso, mphuno ndi milomo zonse zipanikizane pamenepo. Chala ndiye mwina sichikwana n'kabokosi kamodzi komwe. Ndiye kuti ngakhale mutalemba kakhumi kuti nkhope ikhale yokongola, malo ojambulapo kukongolako palibe. Mankhwala ake n'kusendeza kamera pafupi: chotsani `full body` muike `waist-up portrait`, kuti munthu aoneke kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Chotsaninso `crowded`, pakuti khamu la anthu ndi tinkhope tambiri tating'onoting'ono, ndipo kalikonse kamatuluka kopindika. M'malo mwake pemphani `blurred background` kuti zakumbuyo zisaoneke bwinobwino. Kudziwa ngati vuto ndi limeneli n'kosavuta: ngati nkhope yapafupi ili bwino koma zakutali ndiye zaonongeka, nkhani ndi kuchepa kwa malo.

Palinso china chimene anthu amachinamizira mawu pamene chalakwika ndi kukula kwa chithunzi. Mukauza Stable Diffusion 1.5 kuti ijambule chithunzi chachitali kwambiri, monga 512 kwa 1024, imakonda kudzaza malo otsalawo pobwereza munthu, ndiye mumapeza mitu iwiri kapena chifuwa chosanjikizana. Musapitirire kwambiri 512 kwa 768, ndipo chithunzicho muchikulitse pambuyo pake. SDXL, imene inatuluka mu Julaye 2023, inaphunzitsidwa pa 1024 kwa 1024, choncho nkhope imapeza malo ochulukirapo.

Tibwere ku manja. Mawu akuti `perfect hands, five fingers` amaoneka anzeru, koma kawirikawiri amabweza ntchito m'mbuyo. Chilichonse chimene mwatchula, makina amachiona kuti n'chofunika, ndiye amabweretsa manja patsogolo, akuluakulu, zala zili tambalala, pamene cholakwika chilichonse chimaonekera poyera. Njira yabwino n'kulipatsa dzanja ntchito imodzi yodziwika, imene imapezeka m'zithunzi zambiri ndipo imabisa zala zina: kunyamula dengu lalikulu ndi manja onse, kupinda manja pachifuwa, kuika manja m'matumba. Kupatsana ndalama n'kovuta kwambiri chifukwa zala za anthu awiri zimakumana pa kanthu kopyapyala, ndipo makina amasowa pamene dzanja la uyu lathera ndi pamene la winayo layambira. Ngati uthenga wa chikalata chanu ndi tomato, kodi kupatsana ndalamako kukufunikiranji?

Tsono kuphatikana kwa zinthu ndi mitundu. Mu Stable Diffusion 1.5, mawu anu amawerengedwa ndi kachigawo kotchedwa CLIP, kamene sikagwira bwino kuti liwu ili likufotokoza chinthu chiti. Kakaona kufiira, kubiriwira, diresi ndi duku m'chiganizo chimodzi, mitunduyo imatayikirana. N'chimodzimodzi mukapempha galu ndi mphaka: nthawi zina pamatuluka nyama imodzi ya makutu a mphaka ndi mphuno ya galu, chifukwa zinthu zofanana maonekedwe zimasakanikirana msanga. Pofuna kupewa zimenezi, munthu aliyense mufotokozeni payekha, mtundu uli pafupi ndi chovala chake, ndipo munene malo ake, wina kumanzere wina kumanja, ndi mpata kapena tebulo pakati pawo. Ziwathandizanso akasiyana kwambiri, monga mayi wachikulire ndi mnyamata. Amene amagwiritsa ntchito AUTOMATIC1111 ali ndi liwu la `BREAK`, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, limene limadula malangizo m'magawo owerengedwa paokhapaokha. Limachepetsa kutayikirana kwa mitundu ngakhale silikuthetseratu. Musachulutsenso mawu, popeza CLIP imawerenga tizidutswa ta mawu 75 pa nthawi imodzi, ndipo mawu oyambirira ndi amene amamveka kwambiri. Chofunika chikhale patsogolo.

Tikaphatikiza zonsezi, malangizo aja akhala otere:

```
waist-up portrait of one market woman in a red dress,
holding a large basket of tomatoes with both hands,
blurred background, soft daylight
```

Munthu watsala mmodzi, mtundu wotchulidwa ndi umodzi, manja ali ndi ntchito, nkhope yapeza malo. Zimene simukuzifuna musazilembe m'malangizo momwemo. Mukalemba `no crowd`, makina akale amamva liwu la khamulo n'kulijambula, kukana kwanuko osakumva. Mu AUTOMATIC1111 muli bokosi lapadera lotchedwa `Negative prompt`, ndipo mu Midjourney mumalemba `--no crowd` kumapeto. Bokosi limeneli limagwira bwino pa zinthu zooneka zenizeni, monga khamu, zilembo kapena mphete. Mndandanda wautali umene anthu amakopelana, wodzaza ndi mawu ngati `bad anatomy` ndi `extra fingers`, thandizo lake ndi lochepa, chifukwa makina sadziwa kuti chala chimene akujambulacho n'chowonjezera.

Kuti mudziwe chimene chathandiza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo nambala ya `Seed` ikhale yomweyo. Nambala imeneyi ndi imene imasankha madontho oyambira aja, ndiye ikakhala yosasintha mumatha kuyerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano. Kenako yesani malangizo omwewo pa manambala ena angapo. Vuto likatuluka pa chithunzi chimodzi chokha, mawu anu alibe mlandu, ingosankhani china. Likatuluka pafupifupi paliponse, bwererani ku mawu. Samalaninso ndi kukakamiza. Kulemba `(red dress:1.2)` kumalipatsa diresilo mphamvu pang'ono, koma mukakafika cha ku 1.5 ndi kupitirira, kufiira kumayamba kufalikira pakhungu ndi pakhoma. `CFG Scale` nayo imayenda bwino cha pa 7. Mukaikweza kwambiri mitundu imapsa ndipo nkhope zimauma.

Mapulogalamu amene anabwera pambuyo pake, monga DALL-E 3 ndi FLUX, amamva ziganizo zathunthu bwino kuposa akale, choncho kwa iwo lembani ngati mukuuza munthu: mayi waima kumanzere wavala diresi lofiira, mnyamata ali kumanja wavala malaya oyera, pakati pawo pali tebulo. Koma mfundo ya malo a nkhope ndi ntchito ya manja imagwirabe.

Pali pamene mawu amalekezera. Chithunzi chikakhala bwino paliponse kupatula chala chimodzi, musasinthenso malangizo, mungataye zabwino zonsezo. Gwiritsani ntchito `Inpaint`: mumapaka pa dzanja lokhalo, n'kuuza makina kuti ajambulenso malo amenewo okha. Mukasankha `Only masked`, kachigawoko kamajambulidwa kali kakakulu kenako n'kubwezeredwa pamalo pake, ndipo zala kapena maso zimapeza timabokosi tokwanira. Musanatumize chithunzi kosindikiza, chikulitseni pa sikirini, muwerenge zala za dzanja lililonse, muone pamene dzanja lakumana ndi chinthu, kenako muyang'ane maso, mano ndi makutu. Zolakwika zambiri zimabisala m'malo amenewo.