Kalata yopempha sitetimenti ya viza: samalani masiku

Munthu akamakonzekera ulendo wakunja, mtima umakhala pa pasipoti ndi tikiti. Kalata yopita kwa manijala wa banki amailemba mothamanga, mwina ataimirira pamzere: "Ndikupempha sitetimenti yanga." Kalaliki amasindikiza zomwe wapemphedwa, ndipo vuto limadzadziwika viza itakanidwa, ndalama yofunsira itapita kale.

Wogwira ntchito ku ofesi ya viza sakudziwani. Chomwe ali nacho ndi pepala, ndipo amafuna kuonapo dzina lanu monga liliri m'pasipoti, nambala ya akaunti, dzina la banki, tsiku lomwe pepalalo latuluka, komanso mmene ndalama zakhala zikulowera ndi kutulukira. Kapepala kotuluka pa makina otapira ndalama sikakwanira. N'chifukwa chake anthu amapempha sitetimenti yotsimikizidwa, yomwe banki yaidinda chidindo ndi kuisayinira. Maofesi ena amalandira yomwe mwadzisindikizira nokha pa intaneti, koma ine ndimati pitani mukadinditse, tsamba lililonse. Chidindo sichinakanitsepo munthu viza.

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, kupita kwa manijala wa nthambi yomwe munatsegulira akaunti, ndipo theka la tsamba ndi lokwanira. Mutchule dzina ndi nambala ya akaunti, munene kuti sitetimentiyo ndi ya viza ya dziko lakuti, mupemphe chidindo ndi sayini, ndipo mulole banki kudula mtengo wake mu akauntimo. Musayine monga munasayinira potsegula akaunti, chifukwa kalaliki adzafananitsa. Ngati dzina la ku banki ndi la kwa bambo anu pomwe pasipoti ili ndi la amuna anu, konzani zimenezo poyamba.

Koma mtima wa kalatayo ndi masiku. Musalembe kuti "ya miyezi yapitayi". Lembani tsiku loyambira ndi tsiku lotsekera. Maiko ambiri a ku Ulaya amafuna miyezi 3 yomaliza. Dziko la Britain, kwa wopita kukaphunzira, lili ndi lamulo lokhwima: ndalama zonse zofunika zikhale mu akaunti masiku 28 motsatizana, ndipo tsiku lotsekera sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lomwe mwapereka pempho la viza.

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Zomba yemwe wapeza malo pa yunivesite ina ku Britain. Ndalama zake zakwana pa 3 Juni. Tsiku la 28 ndi pa 30 Juni, choncho kalata yake ipemphe sitetimenti yotsekera pa 30 Juni kapena patsogolo pake, ndipo iye apereke pempho la viza Julayi asanathe. Akafulumira n'kutenga sitetimenti pa 27 Juni, masiku sanakwane ngakhale ndalama zilimo zonse. Akatapamo pa 20 Juni kuti athandize pa maliro, ndalama n'kutsika pang'ono chabe kwa tsiku limodzi, kuwerenga kumayambiranso. Ngakhale timitengo ta pamwezi tomwe banki imadula mwakachetechete tingamugwetse ngati anaikamo ndalama zongokwanira ndendende.

Palinso nkhani ya kwacha. A ku Britain amasintha makwacha anu kukhala mapaundi potengera mtengo wa pa OANDA wa tsiku lomwe mwapereka pempho, osati wa tsiku lomwe munasungitsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Yemwe anali ndi zokwanira dzulo lake anadzuka ali wopereweza. Ikanimo zoposera.

Chizolowezi china chomwe chimatipweteka ndi chobwereka ndalama kwa amalume kuti "zigone" mu akaunti mlungu umodzi. Kwa wopita kukacheza, akaunti yolandira malipiro ochepa mwezi ndi mwezi ikangodzaza mamiliyoni mwadzidzidzi, funso limakhala loti zachokera kuti. Ngati munagulitsadi malo kapena galimoto, ikani pangano la malondawo pamodzi ndi sitetimenti. Wophunzira amene akudalira akaunti ya makolo aonjezere satifiketi yake ya kubadwa ndi kalata ya makolowo yovomereza, ndipo ku banki alembe ndi mwini akaunti, pakuti banki siipereka sitetimenti ya munthu kwa wina, ngakhale mwana wake.

M'kalatamo pemphaninso kuti pepalalo lionetse foni kapena imelo ya banki, popeza a viza nthawi zina amafunsa ku banki ngati sitetimentiyo ndi yoona. Apa ndi pomwe amagwidwira omwe amagula masitetimenti okonzedwa pa kompyuta m'tauni. Ku Britain, chinyengo chotere chingakutsekereni khomo kwa zaka 10.

Akakupatsani sitetimentiyo, musaithire m'chikwama msanga. Khalani pansi m'banki momwemo, muwerenge masamba ngati alipo onse, muone dzina, tsiku lotsekera ndi chidindo. Mukapeza cholakwika, bwererani pa windo musanatuluke.