Msambo Wadumpha Koma Mimba Palibe: Chikuchitika N'chiyani?

Atsikana ambiri tinakula tikudziwa chifukwa chimodzi chokha chodumphitsa msambo, ndicho mimba. N'chifukwa chake tsiku likangopitirira, mtima umayamba kugunda ngakhale kwa mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna. Amayi apabanja nawonso amasokonezeka akaona kachipangizo koyezera mimba kaonetsa mzere umodzi pomwe kumwezi sakupita. Kuti timvetse zimenezi, tiyambe ndi mmene thupi limawerengera masiku ake.

Kwa munthu wamkulu, kuchokera tsiku loyamba la msambo kufika tsiku loyamba la msambo wotsatira pamadutsa masiku 21 mpaka 35. Masiku 28 amene tinaphunzira kusekondale ndi apakatikati chabe, si lamulo. Nyengoyi ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi pamene dzira likukhwima, ndipo chimatha kutalika kapena kufupika. Chachiwiri chimayamba dzira likatuluka, ndipo sichisinthasintha kwenikweni: ngati mimba sinakhale, magazi amabwera patapita masiku pafupifupi 14. Choncho nthawi zambiri tikamati msambo wachedwa, chimene chachedwa ndi dzira. Msambo umangotsatira pambuyo.

Amene amalamula dzira kutuluka ndi ubongo. Kachigawo kena ka ubongo kamatumiza mahomoni kumene mazira amakhwimira, ndipo kachigawo komweko kamamva ngati munthu ali ndi nkhawa, sakudya mokwanira kapena akudwala. Zinthu zikavuta, kamachepetsa uthengawo, ngati kuti thupi laona kuti ino si nthawi yabwino yosenza mwana.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene amasamba pa masiku 28 aliwonse. Wayamba kusamba pa 1 Meyi, ndiye dzira liyenera kutuluka cha pa 15, msambo n'kubweranso pa 29 Meyi. Koma sabata yachiwiri ya mweziwo mayeso ayandikira, fizi sinamalizidwe, akugona maola anayi okha, kenako malungo amugwira ndipo kwa masiku angapo akungomwa phala. Dzira silituluka pa 15. Lidikira mpaka atachira, n'kutuluka pa 29 Meyi, tsiku limene iye akuyembekezera magazi. Msambo ubwera cha pa 12 Juni, utachedwa ndi masabata awiri. Taonani kuti chimene chachedwetsa msambo chinachitika kale pakati pa mwezi. Mu Juni iye wachira, mayeso atha, ndiye saonanso kugwirizana kwake. Muzibwerera m'mbuyo masabata atatu kapena anayi pofufuza chifukwa.

Chitsanzo chomwechi chikutionetsanso mmene kachipangizo kangatinamizire. Kachipangizo kamafufuza homoni yotchedwa hCG mumkodzo. Homoniyi imayamba kupangidwa dzira lokumana ndi umuna likakhazikika m'chiberekero, patapita masiku 6 mpaka 12 chitulukire, ndipo imayamba pang'ono kwambiri n'kumawirikiza pa masiku awiri kapena atatu aliwonse. Tsopano tinene kuti munthu wathu uja ndi mayi wapabanja ndipo anakhala malo amodzi ndi amuna awo pa 27 Meyi, poganiza kuti masiku otenga mimba anadutsa. Dzira latuluka pa 29, mimba yakhala. Akayeza pa 2 Juni, kachipangizo kaonetsa kuti palibe, chifukwa homoniyo sinayambe n'komwe. Iwo akuwerenga kuti adumphitsa ndi masiku anayi, pomwe thupi likuwerenga zina.

Ndiye kuyeza kamodzi sikokwanira. Yezaninso pakatha sabata, ndi mkodzo woyamba wa m'mawa, musanamwe madzi ambiri. Ngati simukudziwa bwino masiku anu, werengani masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza limene munagonana mosadziteteza. Kwa mayi uja ndi pa 17 Juni. Pofika pamenepo zotsatira zimakhala zodalirika. Onaninso tsiku lotha mphamvu papaketi, ndipo werengani zotsatira pa mphindi zimene alemba. Mzere wa pa C usapoonekera, kachipangizoko n'kowonongeka, katayeni. Mzere wa pa T ukaoneka pa nthawi yake, ngakhale mozilala, mimba ilipo.

Mimba ikakhala kuti palibedi, yang'anani sikelo. Kuonda msangamsanga kumaimitsa msambo, kaya kwabwera ndi matenda, njala ya kumapeto kwa temu, kapena kudzimana dala pofuna kuti thupi lichepe. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi timaipeputsa. Mtsikana akaonda timamuyamikira kuti wakongola, osadziwa kuti msambo unasiya miyezi inayi yapitayo. Thupi likakhala nthawi yaitali chomwechi, homoni yachikazi imatsika ndipo mafupa amayamba kufooka, pa msinkhu umene amayenera kumalimba. Othamanga kwambiri koma akudya pang'ono zimawachitikiranso.

Kunenepa nakonso kumasokoneza, ndipo kawirikawiri kumayendera limodzi ndi vuto limene madokotala amalitcha PCOS. Apa mazira amayamba kukhwima koma osafika potuluka. Munthu amasamba patalipatali kuyambira kale, amakhala ndi ziphuphu zosamva mankhwala, ndipo ena amamera tsitsi pachibwano kapena pachifuwa. Si onse amene ali ndi vutoli amakhala onenepa. Chithandizo chilipo, ndipo ambiri amabereka ndithu.

Matenda ena amabwera mwakachetechete. Chithokomiro chikamagwira ntchito moperewera, munthu amatopa, amamva kuzizira ndi kunenepa. Chikapyola muyeso, amaonda, mtima umathamanga ndipo manja amanjenjemera. Mkaka ukamatuluka m'mawere a munthu wosayamwitsa, ndiye kuti mwina homoni yopanga mkaka yakwera, ndipo imeneyi imatsekereza dzira monga zimachitikira poyamwitsa. Chifuwa chachikulu, shuga wosasamalidwa ndi HIV yosalandira mankhwala zimaimitsanso msambo pofooketsa thupi. Kwa amene akulera ndi jakisoni wa miyezi itatu, kusasamba n'kozolowereka, ndipo akasiya kubayitsa pamatha kupita miyezi ingapo, ena pafupifupi chaka, msambo usanabwerere mwakale.

Pali chikhulupiriro chakuti magazi osatulukawo akuunjikana m'mimba n'kumaola. Si zoona. Msambo ndi chikuta cha m'kati mwa chiberekero chimene chimayoyoka mahomoni akatsika, ndipo kwa wa jakisoni kapena woonda chikutacho chimangokhala chopyapyala, palibe choti chituluke. Kumwa zitsamba zowawa kapena mapiritsi ochuluka kuti “magazi atsike” kungawononge chiwindi ndi impso, kapena kuvulaza mimba imene sinaonekere poyeza. Dziwaninso kuti kusasamba si kulera. Dzira limatuluka magazi asanabwere, choncho mayi akhoza kutenga pathupi asanaone msambo wochenjeza.

Kudumpha mwezi umodzi, mwayeza kawiri ndipo mukupeza bwino, mukhoza kudikira. Ikakwana miyezi itatu, kapena mukaona zizindikiro zimene ndatchulazi, pitani kuchipatala. Tengani kapepala kolembapo masiku a misambo yanu yomaliza, mankhwala onse amene mukumwa, ndi mmene thupi lasinthira. Adokotala adzayambanso n'kuyeza mimba, ngakhale mutawauza kuti simunagonepo ndi mwamuna. Musakhumudwe nazo, amatero ndi aliyense asanayeze magazi kapena kuunika m'mimba.

Koma pali pamene simuyenera kudikira ngakhale kuche. Ngati mwadumphitsa, n'kutheka kuti muli ndi pathupi, ndipo mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, mukutaya timagazi, mukuchita chizungulire kapena kumva kuwawa pansonga ya phewa, mwina mimba yakhala m'njira ya dzira osati m'chiberekero. Njirayo ikaphulika, munthu amataya magazi m'kati mosaoneka. Uzani mnzanu wa m'chipinda kapena amayi oyang'anira hositelo akuperekezeni kuchipatala usiku womwewo, ngakhale kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi dzana.