Thanki ndi yodzaza, koma madzi akungodontha pampope

M'nyumba zambiri za ku Katoto, Chimaliro ndi Luwinga mumzinda wa Mzuzu, thanki ya madzi imakhala padenga kapena pansanja ya zitsulo, kuti madzi a Northern Region Water Board akasiya, pakhomo pasaume. Koma pali dandaulo limene mapulambala amalimva kawirikawiri: madzi abwera usiku, thanki yadzaza mpaka kusefukira, koma m'mawa shawa ikungodontha ndipo mpope wa kukhitchini ukutsokomola. Ambiri amathamangira kunena kuti paipi yaphulika. Nthawi zambiri vuto limakhala mpweya umene watsekeredwa m'paipi.

Madzi a m'thanki alibe pampu yowakankha. Amatsika ndi kulemera kwawo basi, ndipo mphamvu yawo imadalira kutalika kochokera pamwamba pa madzi a m'thanki kufika pampope. Kukula kwa thanki sikuwonjezera kanthu: ya malita 5,000 ndi ya malita 1,000 zimapereka mphamvu yofanana ngati madzi ake alekezera pamsinkhu umodzi. Mamita 10 a kutalika amapereka mphamvu ya pafupifupi 1 bar, ndiye nyumba imene madzi a m'thanki ali mamita 3 pamwamba pa shawa imangolandira 0.3 bar. Imeneyi ndi mphamvu yochepa kwambiri, ndipo kanthu kakang'ono kangathe kuimaliza.

Madzi akamatha m'thanki, mphamvu imachepa pang'onopang'ono. Kugwa kwadzidzidzi kuli ndi chiyambi china. Madzi a Bodi akasiya kwa nthawi yaitali, thanki imaphwa mpaka kamwa la paipi yotulutsa madzi limakhala pamtunda, mpweya n'kulowa. Thanki ikadzazanso, madzi amafuna kukankha mpweyawo, koma mpweya umakonda kukwera. Ngati paipi ya musiling'i inakwezedwa kuti idumphe mtanda wa denga kenako n'kutsika, mpweya umakakhala pachigongono chimenecho ndi kudzaza mbali yotsikayo.

Tiyerekeze ndi nyumba ya mamita 3 ija. Mbali ya paipi imene muli mpweya silemera, choncho sikoka madzi. Ngati mpweya wadzaza mamita 2 a paipi yotsika, pamamita 3 aja patsala imodzi yokha, ndipo shawa ikulandira 0.1 bar. Mpweya ukakwana mamita 3, madzi amaimiratu ngakhale thanki ikusefukira. N'chifukwa chake shawa ndi imene imayamba kufa, pomwe mpope wa panja, umene uli m'munsi, ukutulutsabe madzi.

Musanaitane munthu, yambani mwasuzumira m'thanki. Ngati mulibe madzi chonsecho mpope wochokera ku mita ukutulutsa, ndiye kuti mwina valavu ya mpira woyandama yakakamira. Ngati wafooka ndi mpope umodzi wokha ndipo sukutsokomola, masulani kasefa ka kukamwa kwake. Thanki ikadzaza itaphwa, matope a pansi amavunduka n'kukatseka timabowo ta sefa ndi ta shawa. Koma mipope ingapo ikafooka nthawi imodzi, ikulavula madzi modukizadukiza ndipo m'paipi mukumveka kulira, umenewo ndi mpweya.

Kuuchotsa, tsegulani mipope yonse yodyera kuthanki kwa mphindi zingapo. Zikakanika, mapulambala amalumikiza paipi ya labala kuchokera pampope umene umalandira madzi a Bodi mwachindunji kufika pampope wovutawo. Amatsegula wovutawo kaye, kenako wa Bodi, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mphamvu ya Bodi imabweza mpweya chokweza mpaka ukatulukire m'thanki, ndipo amene waima pafupi amamva kubwata. Potseka amayamba ndi wa Bodi, n'kuchotsa labalayo nthawi yomweyo. Musachite zimenezi madzi a Bodi ali ofooka, chifukwa madzi a m'thanki, amene mwina ali ndi matope, angabwerere m'mapaipi a madzi akumwa. Kumpope wa madzi otentha ochokera ku giza, ntchitoyi muisiyire pulambala.

Vuto likamabwera nthawi iliyonse thanki ikaphwa, cholakwika ndi kayalidwe ka paipi, ndipo kuchotsa mpweya mlungu ndi mlungu n'kungotaya nthawi. Paipi yochokera kuthanki iyenera kumangotsika mpaka kumipope, popanda pokwera. Pamene chigongono sichingapewedwe, pulambala aikepo kapaipi kotulutsira mpweya kokwera kupitirira pamwamba pa thanki. Paipi yaikulu yotsika ikhale ya mamilimita 25 kapena 32, osati 15, chifukwa yopapatiza imadya mphamvu yochepa kale ija, moti wina akatsegula mpope kukhitchini, wosamba amatsala ndi sopo kumutu. Ndipo madzi a Bodi akasiya, tsekani valavu ya pansi pa thanki madzi asanatsike kufika pakamwa pa paipi, kuti mpweya usapeze polowera.