Lipoti la Ngozi: Kuchotsa Mkwiyo, Kusunga Zimene Zinachitika

Dalaivala aliyense wa pakampani amadziwa kuti galimoto ikachita ngozi, bwana amafuna lipoti lolemba, ndipo a inshulansi nawo ali ndi fomu yawo yokhala ndi malo ofotokozapo mmene zinachitikira. Vuto ndi lakuti pepalali limalembedwa munthu manja akunjenjemerabe. Zotuluka pamenepo zimakhala zosakanikirana: mkwiyo, mantha a kuchotsedwa ntchito, kupepesa, ndi kuthokoza Mulungu kuti moyo ulipo. Zonsezi n'zoona mumtima mwa wolembayo, koma woliwerenga akufuna china. Akufuna kuona ngoziyo m'maganizo mwake ngakhale sanalipo.

Tiyerekeze dalaivala amene akuyendetsa pikapu ya kuntchito kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe mu msewu wa M1, ndipo wagundana ndi minibasi pa Nathenje. Usiku womwewo walemba motere:

"Bwana pepani kwambiri, ine zaka zonsezi sindinachitepo ngozi inunso mukudziwa. Anthu a minibasi awa ndi osasamala, amayendetsa ngati msewu ndi wa bambo awo. Munthuyo anangotulukira akuthamanga ngati wamisala osayatsa ndi indiketa yomwe, ndikhulupirira anali ataledzera chifukwa maso anali psuu. Kondakitala wake anayamba kunditukwana anthu akuonerera. Mayi wina wathyoka khosi. Mwina ndikanapanda kutopa sizikanachitika, paja ndinanyamuka 4 koloko m'mawa, komanso kunali kamvula. Apolisi anabwera mochedwa. Chonde ndili ndi ana kusukulu."

Pepala ili lisatayidwe. Linalembedwa zinthu zikadali zatsopano m'mutu, ndipo mkati mwa madandaulowo muli mfundo zimene mawa zingaiwalike: nthawi yonyamukira, kamvula, mayi wovulala, anthu amene anaona. Ntchito ya m'mawa mwake ikufanana ndi kupeta chimanga chokonola, pomwe gaga amauluka koma mphale iyenera kutsala yonse m'lichero. Kugona kaye usiku umodzi kumathandiza, bola zisachedwetse kudziwitsa apolisi, abwana ndi a inshulansi, zomwe zimafunika msangamsanga ngakhale lipoti lisanamalizidwe.

Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi funso limodzi lofunsa chiganizo chilichonse: kodi izi ndinaziona, ndinazimva, ndinazichita, kapena ndangoziganiza? Tengani mawu akuti "osayatsa ndi indiketa yomwe". Dalaivala wathu sangalumbire kuti indiketa sinayake. Mwina inayaka iye akuyang'ana wakabaza kutsogolo, mwinanso nyaliyo inali yakuda ndi matope. Chimene akudziwa ndi chakuti iye sanaione. Akalemba kuti "sindinaone indiketa ikuyaka", palibe mboni imene ingamugwetse, pomwe akalemba kuti "sanayatse", wokwera minibasi mmodzi yekha wonena kuti inayaka akhoza kuchititsa kuti lipoti lonse likayikiridwe.

Za kuledzera ndiye zoopsa kwambiri. Maso ofiira amabwera ndi tulo, fumbi kapena matenda. Ngati dalaivala wathu anamva fungo la mowa poyankhulana ndi mnzakeyo, alembe zomwezo, kuti anamva fungo la mowa ataima naye pafupi, ndipo anene ngati anawauza apolisi. Ngati sanamve kanthu, chiganizocho chichoke chonse, chifukwa kunenera munthu kuledzera popanda umboni ndi mlandu wina pawokha. N'chimodzimodzi ndi "wathyoka khosi". Wodziwa zimenezo ndi dokotala. Dalaivala anaona mayi atagwira khosi akudandaula ululu, ndipo anaona akumutengera kuchipatala. Zokwanira ndi zimenezo.

Chimene ambiri sachizindikira ndi chakuti kudziweruza wekha n'kolakwika mofanana ndi kuweruza mnzako. Mawu akuti "ndikanapanda kutopa sizikanachitika" ndi chigamulo, ndipo chaperekedwa ndi munthu wosokonezeka mutu amene sakudziwa n'komwe ngati kutopako kunasintha kanthu. Mapepala a inshulansi ya galimoto kawirikawiri amaletsa kuvomera mlandu kampaniyo isanafufuze. Koma apa mpofunika kusamala, pakuti pali malire pakati pa kuchotsa chigamulo ndi kubisa mfundo. Kunyamuka 4 koloko m'mawa ndi mfundo, ndipo iyenera kukhalamo. Ine ndimaona kuti lipoti loyeretsedwa mpaka kuchotsa chilichonse chosakomera mwini wake n'loipa kuposa lodzaza ndi misozi lija, chifukwa loyambalo linali losalongosoka chabe pomwe ili ndi lonama. Ndipo bodza lotere silikhalitsa: buku la maulendo a galimoto, mlonda wa pageti ndi risiti ya mafuta zonse zikudziwa nthawi imene galimoto inatuluka.

Tsopano mawu okokomeza aja. "Akuthamanga ngati wamisala" akumveka amphamvu, koma taganizirani bwino. Minibasiyo inali itaima pasiteji kutsitsa anthu, kenako n'kulowa mumsewu. Galimoto yongonyamuka kumene singakhale paliwiro lalikulu. Chimene dalaivala akufuna kunena ndi chakuti inalowa mwadzidzidzi, koma mkwiyo wamulembetsa zinthu zotsutsana ndi nkhani yake yomwe. Wofufuza wa inshulansi amagwira msanga zoterezi.

M'malo mwa mawu okokomeza mumalowa miyeso, koma nayo ili ndi msampha wake. Munthu akafuna kuoneka wolongosoka amayamba kupeka manambala. Tinene kuti dalaivala wathu walemba kuti ankayenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola, ndipo minibasi inalowa ili mamita 5 kutsogolo kwake, iye n'kuimba hutala, kuponda mabuleki ndi kukhotera kumanja. Pa liwiro limenelo galimoto imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Mamita 5 amatha sekondi isanafike ndi theka lomwe, pomwe munthu amafuna pafupifupi sekondi yathunthu, kapena kupitirira, kuti aone choopsa ndi kusuntha phazi. Ndiye kuti sakanatha kuchita zonse zitatuzo. Mwina mtunda unali wotalikirapo kapena liwiro linali lochepa. Njira yabwino ndi kuyeza ndi chinthu chimene maso anazolowera, monga kutalika kwa galimoto, popeza pikapu imatalika mamita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndi kulemba poyera kuti uku n'kuyerekeza. Ngati sanayang'ane pa sipidomita, anene choncho. Mawu akuti "pafupifupi" ndi "sindikukumbukira" sachepetsa lipoti. Amasonyeza kuti pamene wolemba wanena motsimikiza, akutsimikizadi.

Zikatsala mfundo zokhazokha, zimaikidwa mu ndondomeko ya nthawi. Pepala loyamba lija linayambira pa kupepesa, n'kulumphira pa kugundana, kubwerera m'mawa, kenako kwa apolisi. Lokonzedwa liyambe ndi tsiku, nthawi, malo ndi kumene galimoto imalowera, litsate ndi mmene msewu ndi nyengo zinalili, kenako zimene zinachitika mphindi imodzi ngozi isanachitike, kugundana kwenikweniko, ndi zimene zinatsatira. Likhoza kumveka chonchi:

"Lachiwiri cha m'ma 5:40 madzulo ndinkayendetsa pikapu ya kampani mu msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe. Ulendo wa tsikuli ndinauyamba 4 koloko m'mawa. Pa Nathenje kunkagwa mvula yowaza ndipo phula linali lonyowa. Ndikuyerekeza kuti ndinkayenda pakati pa makilomita 40 ndi 50 pa ola. Sindinayang'ane pa sipidomita nthawi imeneyo. Ndinaona minibasi yoyera itaima kumanzere kwa msewu, kunja kwa phula, italoza ku Lilongwe. Nditatsala mtunda wa magalimoto pafupifupi anayi, minibasiyo inayamba kulowa mumsewu. Sindinaone indiketa ikuyaka. Ndinaponda mabuleki ndi kukhotera pang'ono kumanja. Ngodya yakutsogolo kumanzere kwa pikapu inagunda mbali yakumanja ya minibasi, chakumbuyo. Ndinaima pomwepo. Mayi mmodzi wa mu minibasi anadandaula kuti khosi likumupweteka, ndipo anamutengera kuchipatala pa galimoto ina. Pikapu yasweka nyali yakumanzere ndipo bampala yapindika. Ine bondo lakumanzere likundipweteka. Apolisi anafika cha m'ma 6:30, anayeza malowo ndipo ndinapereka sitetimenti."

Pa pepala lenileni pamafunikanso tsiku la mwezi ndi chaka, manambala a magalimoto onse awiri, dzina la dalaivala winayo ndi kampani yake ya inshulansi, mayina ndi manambala a foni a mboni, ndi dzina la polisi imene yatenga nkhaniyo. Onani kuti "apolisi anabwera mochedwa" yasanduka nthawi yeniyeni, ndipo wowerenga adziwerengera yekha mphindi 50 zija. Onaninso kuti ziganizo zikunena amene anachita chinthu: "ndinaponda", "minibasiyo inayamba kulowa". Ena poyesa kulemba mwaukatswiri amabisala kumbuyo kwa mawu monga "mabuleki anapondedwa" kapena "kugundana kunachitika", ndipo wowerenga amatsala osadziwa kuti wagunda mnzake ndani. Kunena mbali yeniyeni imene yagundidwa n'kofunika kwambiri, chifukwa ofufuza amayerekeza mawuwo ndi zithunzi komanso mabala a pa magalimoto. Kamapu kojambula pamanja, kosonyeza msewu, siteji ndi mivi ya kumene aliyense amalowera, kamathandiza kuposa ndime ziwiri.

Nanga kutukwana kwa kondakitala? Ngati anali mawu a mkwiyo chabe, alibe gawo pa chimene chinachititsa ngozi ndipo achoke. Ngati panali kuopseza, kumenya kapena kulanda makiyi, imeneyo ndi mfundo, ndipo ilembedwe m'chiganizo chimodzi chonena zimene ananena kapena kuchita, popanda kumutcha mayina. Za ana a kusukulu ndi zaka zimene wagwira ntchito popanda ngozi si zopanda pake ayi. Munthu ali ndi ufulu wopempha kuti amumvere chisoni. Kungoti malo ake ndi kalata ina, kapena pokambirana ndi abwana maso ndi maso, chifukwa lipoti limayenda m'manja ambiri: ku inshulansi, kwa maloya, mwinanso kukhoti patapita zaka.

Asanasaine, dalaivala ayerekeze lipotili ndi zimene anauza apolisi. Ngati pali kusiyana, mwachitsanzo kupolisi ananena 5:30 koma foni ikusonyeza kuti anaimbira bwana 5:43 ngozi itangochitika, asangosintha mwakachetechete, alembe chifukwa chake. Ndi bwinonso kupatsa pepalalo munthu amene sanalipo, n'kumupempha ajambule ngoziyo potsata mawu okhawo. Akaika minibasi mbali yolakwika kapena akafunsa kuti mumalowera kuti, ndiye kuti pamenepo pakusowa chiganizo.

Akasaina ndi kulemba tsiku, ajambule pepalalo pafoni kapena achititse fotokope asanalipereke. Zina zimatulukira pambuyo pake: khosi kapena msana umayamba kupweteka patapita tsiku limodzi kapena awiri, kapena mboni ina imapezeka. Zikatero asalembenso lipoti latsopano lolowa m'malo mwa loyamba. Alembe pepala lowonjezera lokhala ndi tsiku lake, lonena chimene chawonjezeka ndi mmene wachidziwira, ndipo ngati ndi za kuvulala aphatikizepo kalata ya kuchipatala.